Mfundo Imene Ellah Anabisa

Ku Songani aliyense amadziwa kuti a Wilson anapita ku Joni mwana wawo Ellah ali Fomu 2, ndipo foni yawo inasiya kulira kalekale. Koma yesani kunena zimenezo pamaso pa akazi awo, a Sellina ogulitsa tomato aja! Jekete la amuna awo amalichapabe, ati lingachite nkhungu.

Ndiye Ellah uja, atafika ku yunivesite ku Chirunga, sanasankhe kafukufuku wina ayi, koma wa amayi amene amuna awo ali ku Joni. Amayi ake sanawafunse kanthu. Anazungulira anzawo a mumsika, wina ndi wina, mpaka buku linatha. Chinatsala ndi chidule cha patsamba loyamba. Supavaiza wake, a Chiukepo, anamuuza kuti achilembe m'Chingerezi ndi m'Chichewa, chifukwa cha Chingerezi chipita pa intaneti, cha Chichewa akawawerengere eni nkhaniwo.

Apa ndiye panavuta. Mfundo yaikulu imene anapeza inali yakuti amuna ambiri akakhalitsa amasiya kuimba foni. M'Chingerezi anailemba bwinobwino. Atafika pa Chichewa, anaona nkhope ya amayi ake m'maganizo. Mfundoyo anaidumpha, n'kuikapo ina, yoona ndithu, yakuti amayi ambiri akudikirabe.

A Chiukepo anayala mapepala awiriwo pa tebulo ngati nsalu za pa chinkhoswe, chala china uku, china uku.

“Chiyambi, chiyambi. Cholinga, cholinga. Njira yofufuzira, eya. Zopeza...” Chala chinaima. “Mayi Ellah, kodi mwachita kafukufuku kawiri?”

“Ayi, adokotala.”

“Nanga bwanji mzungu akumva kuti amuna anasiya kuimba, wa ku Songani akumva kuti akazi akudikira? Awiriwa atakumana pa kabaza, akhoza kumenyana.”

Ellah sanaseke. “Amayi anga adzakhalapo powerenga.”

A Chiukepo anavula magalasi. “Pepani. Koma chidule ndi chimodzi, changovala zilankhulo ziwiri. Mawu asafanane, palibe vuto, Chichewa chili ndi kayendedwe kake. Koma mfundo ikhale yomweyo, pamalo pomwepo. Zakudikirazi zili m'zimene amayiwo anakuuzani?”

“Zili pa mutu wachinayi.”

“Ndiye zilowe konsekonse. Zinazo zibwererenso. Mawu akachuluka, dulani pa chiyambi, koma mukadula kuno mudulenso uko.”

Ellah anatuluka n'kukakhala pa udzu, maso ku phiri. Nkhungu inali itaphimba ku Chawe, pamwamba pa phirilo. Anakumbukira abambo ake atamunyamula paphewa kumeneko, akumugulira masitiroberi a m'mbali mwa msewu, madzi ofiira akutsikira m'kolala mwawo, iwo n'kumangoseka. Anadzifunsa ngati kumene aliko abambo akewo kuli phiri. Kenako anatsegula laputopu, n'kukonza zonse ziwiri, mzere ndi mzere.

Loweruka amayi a mumsika anadzaza kalasi ya pulayimale, ena ndi madengu awo omwe. A Sellina anakhala kutsogolo, chitenje chatsopano, poti wowerengayo ndi wawo. Ellah anadutsa cholinga, anadutsa njira, n'kufika pamene paja.

“Tapeza kuti amuna ambiri akakhalitsa amasiya kuimba foni.”

Mayi wina kumbuyo anati, “Walasa penipeni, mwana iwe!” Ena anaseka kuseka kowawa kuja. Ellah sanayerekeze kuyang'ana kutsogolo.

“Tapezanso kuti amayi ambiri akudikirabe.”

Atabalalika onse, a Sellina anatsala pa benchi, akupinda ngodya ya chitenje. Ellah anagwada pambali pawo.

“Amayi, ndinafuna kuichotsa ija.”

“Uichotse chifukwa chiyani? Ukuganiza kuti foni yangayi sindiiona?” Anatenga pepala la Chingerezi, n'kulitembenuza. “Ili ndi limene lipite kutali?”

“Eya, pa intaneti.”

“Ndi ku Joni komwe?”

“Kulikonse.”

“Zakudikirazo zilimo, kapena wangotinyengerera ife m'Chichewa?”

Ellah anaika mapepala awiriwo pa maondo awo, n'kuwagwira chala. “Onani. Apa kusaimba, apa kusaimba. Pansi pake kudikira, apanso kudikira.”

A Sellina anasiya chala pa mzere wa Chingereziwo nthawi yaitali, ngakhale sukulu analekeza Sitandade 4.

“Abambo ako Chingerezi amachitha,” anatero. “Jambula onse awiri, uwatumizire.”

“Amayi, nambala ija...”

“Tumiza, iwe.”

Ellah anajambula, n'kutumiza pa Watsapu. Panabwera kachizindikiro kamodzi, kotuwa, kosonyeza kuti uthenga sunafike. A Sellina anatenga foniyo, n'kuipukuta ndi chitenje.

“Isiye kwa ine lero,” anatero. “Undionetse pamene pamabwera kachiwiriko.”