Masabata Makumi Atatu ndi Atatu a Rahma

Loji ina ya ku Nkopola itaganiza zochepetsa antchito, dzina la Rahma, wochapa zovala, linali pamndandanda. Anali atagwirapo zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ankalandira K208,000 pamwezi.

Amene anamuitana mu ofesi anali a Jaffalie, manijala, achimwene a malemu mwamuna wake. Chiyambire mkangano wa boti la malemuyo, awiriwa sankapatsana ngakhale salamu.

"Sainani apa muzipita," anatero a Jaffalie, maso ali pafoni.

Papepala la ndalama zomuchotsera ntchitolo panalembedwa K768,000. Rahma anawerenga kawiri.

"Alamu, mwawerengera zaka zingati?"

"Zisanu ndi zitatu, chigulire loji abwana atsopanowa. Chaka chilichonse malipiro a masabata awiri. Zakale mukafunse mwini wakale, mzungu anapita uja."

Rahma anamasula chitenje natulutsa kontilakiti yake, yachikasu ndi ukalamba.

"Ntchito sindinasiyepo ngakhale tsiku limodzi. Munandipeza ndikuchapa, nsalu zake zomwezo. Ndipo apa akuti zaka zisanu zoyamba ndi masabata awiri pachaka, zisanu zotsatira masabata atatu, kupyola pamenepo anayi."

"Mwayamba liti uloya, inu a sopo?"

"Khumi, khumi ndi asanu, asanu ndi atatu. Masabata 33. Pa sabata ndimapata K48,000. Ikukwana K1,584,000."

A Jaffalie anamenya tebulo. "Mukapanda kusaina, pofika Lachisanu mukhale mutatuluka m'nyumba ya kampani!"

Rahma sanasaine. Panja anakumana ndi Jestina wa kukhitchini, yemwe anali atasaina dzulo lake.

"Iwe ukufuna utiwonongere tonse?" anakalipa Jestina. "Akakwiya abwana, ngakhale zochepazo sitiziwona. Dyera basi!"

Mawuwo anamulasa Rahma kuposa a mlamu wake. Anakwerabe minibasi kupita ku ofesi ya zantchito ku boma, akuopa kuti mwina walakwitsa masamu. Mkulu wa kumeneko anatenga malipiro a mwezi, kuchulukitsa ndi 12, kugawa ndi 52, napeza K48,000 yomweyo. Anati loji ikagulitsidwa antchito ali momwemo, zaka zawo sizifufutika. Analemba kalata yoitana a Jaffalie.

Lachisanu a Jaffalie anatulutsadi katundu wa Rahma panja, mphasa ndi mapoto zili mbwee pamchenga. Rahma anakagona kwa mng'ono wake ku Chowe.

Patatha masabata atatu, ndalama zonse zinalowa. A Jaffalie anatumiza uthenga kubanja kuti Rahma asadzapondenso pakhomo pawo, ngakhale pa sadaka ya malemu.

Jestina anamuimbira foni patapita mwezi. Sanapepese. Anangofunsa, mawu ali owuma, kuti ofesi ya zantchito ija imatsegula nthawi yanji.