Nzeru za Ana a Matenanti

Chaka chimene makuponi a fetereza anafika mvula itagwa kale, a Lucious anatulukira pa sekondale ya ku Kaomba, nsapato zili waliwali ngati sizinapondepo dothi la Kasungu. Iwowa ndiwo ankayang'anira thumba limene eni esiteti ya fodya anakhazikitsa kuti lizilipirira fizi ana a matenanti. Tsopano ankafuna kuti fizi ithe, ndalamazo zimangire shedi yophunzitsiramo anawo kusankha fodya. Chinatsala n'chakuti komiti ya makolo ivomereze pokweza manja.

Sabiha, mphunzitsi wa sayansi, anakhala pambali akuwayang'ana monyansidwa. Ana ake a Fomu 3, theka lonse linkadalira thumbali.

"Tinawayesa nzeru," anatero a Lucious. "Mayeso omwewo tinapereka kwa ana a azungu ndi amwenye pa sukulu ina ku Lilongwe. Ana athuwa anatsalira kutali. Makolo, tisadzinamize. Zili m'magazi."

"Eetu, mzungu ndi mzungu basi," anavomera a Tsoka, wapampando, tenanti yemwe mwana wake Fainala anali woyamba m'kalasi ya Sabiha. A Tsoka anali munthu woti ngakhale galimoto la bwana liwathire matope, iwo n'kuthokoza.

Sabiha ankawakumbukira bwino mayesowo. Analembedwa mu Febuluwale, nkhokwe zili mbee, m'Chingerezi, ndi ana amene anali atajomba masabata akuthyola ndi kusoka fodya. Ena analemba malungo ali m'thupi. Sabiha anaimirira n'kupempha komiti kuti imutsatire kudimba la sukulu. Makolowo anapita monyinyirika, a Lucious akunyang'ama kuopa mame.

Kumeneko kunali ndime ziwiri za chimanga. Ina inali yobiriwira, yopitirira mutu wa munthu; inayo yachikasu, yolekeza m'chiuno.

"Mbewuyi ndi yamakolo, ya m'thumba limodzi," anatero Sabiha. "Tinaisakaniza bwino tisanadzale. Fetereza anatikwanira ndime imodzi yokha. A Tsoka, munganene kuti uku tinadzala mbewu yopusa?"

"Iyayi, apa ndi njala chabe."

"Koma za kumtundu zilipo, mayi," analowerera a Lucious. "Akatswiri anatsimikiza."

"Zilipo, sindikukana. Taonani m'ndime yobiriwirayi, mapesi ena ndi aatali kuposa anzawo ngakhale adya mofanana. Pamenepo mbewu ingakhale ndi mbali. Koma zimenezo sizikuuzani chimene chasiyanitsa ndime iyi ndi iyo. Inu mwayeza ndime ziwiri zosadya mofanana, n'kuweruza mbewu. Kwa azungu komweko, zotsatira za mayeso amenewa zakhala zikukwera m'badwo ndi m'badwo, ana kuposa agogo awo. Magazi anasintha liti? Chinasintha ndi chakudya, chipatala ndi zaka zokhala m'kalasi. Mayeso anuwo aonetsa kuti pali kusiyana. Chifukwa chake sananene, mwachita kuikamo nokha."

A Lucious anaseka kaphwete, kuseka kwa munthu amene ali ndi makiyi a galimoto. Anakumbutsa makolo kuti mabwana a esiteti sakonda anthu amakani, ndiponso kuti nyengo yolemba matenanti atsopano sinali kutali. Anaonjeza kuti pomanga shedi padzafunika komiti yoyang'anira, ndipo komiti yotere siigwira ntchito ndi njala.

Basitu, sayansi inathera pomwepo. Anthu amene chaka ndi chaka amagona pamzere kulimbirana kuponi, amene amadziwa bwino lomwe zimene njala imachita ku phesi, anabwerera m'kalasi n'kuvomereza kuti ana awo anabadwa operewera. Dzanja la a Tsoka ndilo linayamba kukwera, mpaka malaya kusolokera kunja kwa thalauzi. Sabiha anamva manyazi m'malo mwawo, kenako manyaziwo anasanduka mkwiyo.

Galimoto litachoka, iye anayamba kutseka mawindo a kalasi. Atatembenuka anapeza a Tsoka aima pakhomo, chipewa chili m'manja.

"Aphunzitsi, pepanitu. Mukudziwa mmene zinthu zilili kuesiteti." Anasendera pafupi. "Komatu Fainala wanga ndi wosiyana ndi enawo. Mutu wake umagwira, inunso mumanena. Simungakamunenereko kwa bwana Lucious kuti iye yekhayo apitirize?"

Sabiha anawayang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Mwakweza dzanja kuti zili m'magazi, bambo. Ndiye ndikawauze kuti Fainala ali ndi magazi a yani?"

Sabiha anawapempha kuti apatuke pakhomopo, iye akhome chitseko.