Dashibodi Yoyenda Yokha

Ofesi yonse inkadziwa kuti Manambala akuchoka Lachisanu, koma panalibe wozitchula. Anthu ankangomupatsa moni wautali kuposa kale, moni wa kuchipatala. Dzinali anamupatsa ndi madalaivala, chifukwa ndiye ankasonkhanitsa manambala a malonda a masitolo onse khumi ndi awiri a kampaniyo n'kuwaika pa dashibodi, tsamba la pakompyuta la mizere ndi mitundu limene mabwana ankaliyang'ana pamsonkhano wa Lolemba m'mawa.

Ntchito yake inathera pakamwa pa bwana wa zamalonda, amene kuseri ankatchedwa a Zilibwino. Iwowa anauza eni kampani kuti dashibodi tsopano imayenda yokha. Eni kampani anaomba m'manja, kenako anafunsa zimene aliyense akanafunsa: ngati imayenda yokha, mtsikana uja akukhaliranji pampando?

Zinatsala zinthu ziwiri. Manambala anayenera kulemba chikalata chofotokozera womulowa m'malo mmene dashibodi imagwirira ntchito. Bwana nawo anayenera kumulembera kalata yaumboni. Kampani ina inali itamuitana kokayesedwa mafunso sabata yotsatira, ndipo inanena kuti popanda kalatayo asavutike n'kubwera.

"Mukamaliza chanucho, ine ndisayina zonse pamodzi," anatero a Zilibwino. "Zili bwino."

Womulowa m'malo anali mayi wofatsa amene anayamba ntchito sabata yomweyo. Atangoika chithunzi cha ana ake patebulo, ofesi inamutcha Amake Mapasa. Anamulemba kuti azilemba mainivoisi ndi kuyankha foni. Dashibodi anangomuwonjezera ngati basela.

Lachitatu Manambala anakokera mpando pafupi naye, chikalata chili m'manja, masamba anayi.

"Zonsezi, asisi?" anafunsa Amake Mapasa. "Abwana anati ndizingoyiyang'ana."

"Mmene imayendera ndi theka la tsamba loyambali, achemwali. Enawa ndi mmene imafera."

Theka la tsambalo linali losavuta. Sitolo iliyonse imatumiza fayilo ya malonda a sabata mufoda imodzi, Lamlungu akatseka. Lolemba mbandakucha pulogalamu imadzuka yokha, n'kutenga mafayilo onse amene yawapeza, n'kuwaphatikiza, dashibodi n'kusintha manambala.

Amake Mapasa anatembenuza tsamba n'kuwerenga mokweza, chala chikutsata mzere: "Musanayang'ane china chilichonse, onani deti laling'ono lili pansi kumanja. Ngati si la lero, pulogalamu sinayende, ndipo zimene mukuonazo ndi za sabata yatha. Dashibodi siifiira, siilira, siikuuzani kanthu."

"Ndiye ikafa imaonekabe yamoyo?"

"Imamwetulira kumene. Kawirikawiri ndi pasiwedi. Imatha mphamvu miyezi itatu iliyonse, ndiye pulogalamu imagogoda pafoda, osaitsegulira. Mumapempha yatsopano kwa a makompyuta, kuilowetsa apa, n'kudina apa kuti iyambirenso."

"Nanga apa mwalemba kuti ndiziwerenga mafayilo ngati nkhuku?"

Manambala anaseka, koyamba sabata imeneyo. "Mawu a nkhukuwo ndi anu, koma eya. Akhale khumi ndi awiri. Akaperewera, pulogalamu siidandaula, sitolo imeneyo imangooneka ngati sinagulitse ngakhale sopo. Manijala wa sitolo ya kudepoti anakalipiridwapo pamaso pa anthu, pomwe vuto linali netiweki. Akapyola khumi ndi awiri, ndiye kuti wina watumiza kawiri. Amasintha dzina, amalemba kuti fayilo yeniyeni, mwina yeniyeni yomaliza. Pulogalamu imawerenga zonse, sitoloyo n'kukhala ngwazi ya sabata. Mumachotsa yakaleyo n'kuyendetsanso."

"Abale inu."

"Ndiye pali bambo a sitolo ya kumsika. Kompyuta yawo imayamba ndi mwezi, tsiku pambuyo. Malonda a pa 3 Epulo amakagwera pa 4 Malichi, sabata ino osaoneka. Ndawauza mpaka pakamwa kuuma."

Amake Mapasa ankalemba m'mphepete mwa pepala ndi pensulo. Anafunsa mafunso abwino, ndipo zimenezo zinamuwawa Manambala kuposa akanakhala mbuli. Mayiyu akanaitha ntchitoyi.

"Ndiye Lolemba ndizifika nthawi yanji?"

"Mabwana asanafike. Ine ndinkapeza mlonda akupinda bulangete."

"Mapasa anga ndimawaperekeza kusukulu," anatero mayiyo motsitsa mawu, osauza aliyense kwenikweni.

Lachinayi masana a Zilibwino anaitana Manambala. Chikalata chinali patebulo pawo, cholembera chofiira chitagona pamwamba. Pambali pake panali envulopu yoyera, yosamata.

"Khalani, a Manambala. Mwalemba bwino kwambiri. Sukulu inakulowani." Anatembenuza masamba ndi nsonga za zala. "Koma ichi si chikalata chosiyirana ntchito. Awa ndi maliro."

"Ndi zimene zimachitika, bwana."

"Zimachitika kangati?"

"Pafupifupi Lolemba lililonse pamakhala kena kake."

"Ine sindinaonepo."

"Chifukwa ndimakhala nditakonza musanafike."

A Zilibwino anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi. Sanali munthu wokalipa. Anthu ambiri ankawakonda, ndipo pamaliro a bambo ake a Manambala iwowa ndi amene anatumiza galimoto.

"Mwana wanga, chikalatachi chimapita mufayilo. Eni kampani amawerenga. Ine ndinawauza kuti chinthuchi chimayenda chokha, inu mukulemba masamba atatu ndi theka kuti chimafuna munthu wochigwira dzanja. Ndiye wabodza ndani pamenepa?"

Manambala anayang'ana kalendala ya pakhoma.

"Komanso ganizirani mbali yanu," anapitiriza. "Mwachimanga ndinu. Munthu wakunja akawerenga izi aziti, kodi mtsikanayu anamanga chiyani, chinthu chakufa sabata iliyonse? Ine ndikufuna kukulemberani zabwino. Musandimange manja."

"Pulogalamu si imene imalakwa, bwana. Ndi mafayilo a kumasitolo. Ndinapempha kuti tikonze njira yotumizira, munati chaka chamawa."

"Ndi chaka chamawa ndithu." Anakankhira chikalata kwa iye. Masamba atatu ndi thekawo anali atawadula ndi mzere umodzi wofiira, kuchokera pamwamba mpaka pansi, mwaudongo. "Siyani theka loyambali. Pansi pake lembani kuti pakakhala vuto lililonse aimbe nambala iyi, muike yanu. Si ndinu wathu? Zinazi muwauze mayiwa pakamwa, ngati akazi anzanu."

Dzanja lawo linali pa envulopu. Sankaibisa kapena kuikankha, linangokhalapo basi.

Atabwerera pampando wake anapeza Amake Mapasa ali pafoni ndi kasitomala, akupepesa za inivoisi imene sanalembe ndi iwo. Manambala anatsegula chikalata pakompyuta. Anakumbukira mchemwali wake wamkulu, amene ankamusunga m'chipinda chimodzi ndi ana, ndi mmene alamu ake ankafunsira mwaulemu kwambiri kuti mafunso aja ndi liti. Anasankha masamba atatu ndi thekawo, onse anada pasikirini. Chala chinakhala pabatani nthawi yaitali ndithu. Kufufuta kwake sikunatenge mphindi.

Anaganiza zoti mayiyo asunge pepala lija la Lachitatu, la pensulo m'mphepete. Koma a Zilibwino anali atadutsa kale m'mawa n'kulitenga, amvekere tisasokonezane ndi mapepala awiri.

"Anati mundipatsa lokonzedwa bwino," anatero Amake Mapasa atatsitsa foni.

"Ndi ili."

Mayiyo analiwerenga, n'kulitembenuza kumbuyo, kopanda kanthu. Anayang'ana Manambala, kenako chitseko cha bwana. Sanali mwana.

"Chabwino, asisi," anatero. "Mundiuzenso pang'onopang'ono, ndilembe m'kope mwangamu."

Anayamba, koma foni inalira. Itatha ina inaliranso, dalaivala anabwera kudzafuna mainivoisi, ndipo pofika nthawi yoweruka anali akadali pa deti la pansi kumanja. Lachisanu kunali keke. A Zilibwino analankhula mawu okoma, wina anafuula kuti Manambala asatiiwale akalemera, ndipo envulopu inaperekedwa anthu akuomba m'manja.

Anaitsegulira m'basi. Inali kalata yabwino, yabwino kuposa mmene ankayembekezera. Inati ndi mtsikana wakhama, waulemu, womvera malangizo. Ndime yomaliza inati chachikulu chimene wasiyira kampani ndi dashibodi ya malonda imene imayenda yokha, yosafuna munthu woiyang'anira. Anaipinda bwinobwino kuti isakwinyike. Ankaifuna.

Lolemba m'mawa ankasita bulauzi ya kumafunso, mchemwali wake akumanga nsapato za mwana pakhomo, pamene foni inalira.

"Asisi, pepani," anali Amake Mapasa, akunong'ona. Kumbuyo kunkamveka mipando ikukokedwa. "Alowa kale mumsonkhano. Akuti sitolo ya kudepoti yagulitsa kawiri kuposa masiku onse, abwana akufuna kuyimbira manijala kumuyamikira. Ine mtima sukundikhala."

"Deti likuti chiyani?"

"La lero."

"Tsegulani foda. Mafayilo alipo angati?"

Kunamveka kunong'ona kowerenga. "Khumi ndi atatu."

"A kudepoti alipo awiri. Onani nthawi imene anafika, muchotse woyambayo, mudine poyambitsanso paja ndinakuonetsani. Muwauze adikire pang'ono."

"Ndiwauze kuti chavuta n'chiyani?"

Manambala anaimika simbi. Kunena zoona kunali kosavuta, koma wonenayo akanakhala mayi wa ana awiri amene sanathe ndi mwezi womwe pantchito, atanyamula theka la tsamba losonyeza kuti palibe chimene chimavuta.

"Muwauze kuti kompyuta yanu ikuchedwa, sinamalize kutsegula manambala onse."

"Zikomo, asisi. Mulungu akudalitseni. Ndiye ndiziyimba chonchi Lolemba, eti? Musatope nane."

Foni itaduka, mchemwali wake anamuyang'ana kuchokera pakhomo paja.

"Si anakuchotsa anthu amenewa?"

"Anandichotsa."

"Nanga izi ukugwirazi ndi za ndani?"

Manambala anatembenuza bulauzi n'kuyamba kusita dzanja linalo.

"Palibe akugwira ntchito apa, achemwali," anatero. "Zikuyenda zokha."