Malupanga Awiri ndi Mwezi

Crispin anasiya kusambira panja. Mwamuna amene ankati akaweruka kodula nkhuni za ku fakitale ankavulira malaya pakhomo uku akuimba, tsopano ankalowetsa ndowa m'nyumba n'kukhoma chitseko. Ankagona ndi thalauza, nkhope kukhoma. Poyenda ankakoka mwendo wamanzere, ndipo mkazi wake Lestina atafunsa, anangoti, "Ndinapunthwa pa chitsa."

Lestina sanafunsenso, poti m'malaini a pa esiteti munali nkhani ina. Akuba analowa m'munda wa makademiya n'kutema mlonda wina, a Peterson, ndi chikwanje pamutu. A Peterson anali gone kuchipatala, osayankhula. Anthu ankati galu wa alonda analuma mmodzi wa akubawo, ndipo apolisi akusaka munthu wa bala la galu.

Kothyola tiyi amayi ankangokamba zomwezo. Lestina ankawerama, dengu kumsana, zala zikukolola masamba okhwima mpaka kapitawo anamukalipira. Kunyumba kunayamba kumveka kafungo ngati ka nyama yogonetsa. Analakalaka akanauzako mlongo wake Dan, koma mayi awo anati wapita ku Milange kukaoda nyemba.

Lamlungu atatuluka m'tchalitchi anakwera kabaza wa ku Goliati, kwa Sellah, mnzake wa ku pulayimale amene anali ndi saluni pamenepo. Sellah anagwirapo ntchito ya m'nyumba ku Cape Town, ndipo anabwerako ndi makhadi a zithunzi otchedwa taroti, amene anaphunzira kwa dona wake. Amvano ankati n'zausatana. Lestina analowera khomo lakuseri ngati waba.

"Funso lako n'lotani?" anafunsa Sellah akuyala chitenje patebulo.

"Kodi bambo a Queen ali ndi mkazi wina?"

Sellah anapukusa mutu. "Makhadiwa sakonda eya kapena ayi. Funsa kuti: chikuchitika n'chiyani pakati pa ine ndi mwamuna wanga?"

Anamupatsa mpukutu wonse, makhadi 78, kuti awasakanize funsolo lili mumtima. Anali aakulu kuposa a njuga, ndipo ankaterereka m'manja a thukuta. Kenako Sellah anamuuza awadule patatu ndi dzanja lamanzere, n'kuwaunjikanso.

"Titenga awiri. Yakumanzere ndiwe, yakumanja ndi iwo."

Anatembenuza yoyamba. Panali mkazi wovala zoyera atakhala pa mwala, maso omangidwa ndi nsalu, manja atapingasa pachifuwa, dzanja lililonse lili ndi lupanga. Kumbuyo kwake kunali madzi ambiri a miyala yotuluka, ndi kamwezi kowonda kumwamba.

"Malupanga awiri," anatero Sellah, n'kutembenuza inayo.

Lestina anabwerera m'mbuyo mpaka mpando unakhula pansi. Mwezi waukulu wa nkhope ya munthu unali pamwamba, pakati pa nsanja ziwiri. Pansi pake galu ndi mmbulu zinali zitakweza milomo kuuwa. Nkhanu inkatuluka m'dziwe, ndipo kanjira kankachoka pamadzipo kupita kumapiri akutali.

"Galu," ananong'ona Lestina.

"Bwanji galu? Usathamangire chithunzi. Galuyo ndi mantha oweta, amene timawadziwa. Mmbuluwo ndi mantha akutchire. Nkhanuyo ndi chinthu chimene chinali pansi pa madzi, chayamba kutuluka koma sichinaoneke chonse. Khadi iyi ndi Mwezi. Ikagwera mbali ya mwamuna, pali chimene sichikunenedwa."

"Ndiye kuti akundinamiza."

"Akubisa. Koma Mwezi sunena chobisidwacho. Unayendapo usiku wa mwezi m'munda wa tiyi? Chitsa chimaoneka munthu, munthu n'kuoneka chitsa. Pakanagwa malupanga asanu ndi awiri, yamunthu wozemba ndi katundu wa eni, ndikanati pali chinyengo. Pakanagwa atatu olasa mtima, ndikanati konzeka kulira za chikondi. Iyi ikuti wobisayo nayenso akunjenjemera."

Kunja wina ankaimbitsa sipika ya nyimbo za kwaya.

"Tsono bwerera kwa mkaziyu," anapitiriza Sellah, chala chili pa khadi yoyamba. "Malupanga ndi maganizo. Wagwira awiri olemera mofanana, ndiye sakusuntha. Madzi ali kumbuyowo ndi zamumtima mwake, wazifulatira. Palibe chingwe pamanja pake, palibe womulondera. Nsaluyo akhoza kuichotsa, koma ayambe watula lupanga limodzi, ndipo akuopa. Makhadi awiriwa akakumana ndi oopsa chifukwa amadyetsana. Uyu akubisa, uyu sakufuna kuona, ndiye chinthucho chimakulira pakati. Taona, onse ali ndi mwezi, onse ali ndi madzi. Muli mumdima umodzi."

"Akanasinthana malo?"

"Bwenzi ndikuti mantha ako ndi amene akukujambulira zinthu, iwo angokakamira pa chisankho china. Ndipo Mwezi ukanagwa chadodolido, ndikanati dikira, chinsinsi chikutuluka chokha. Onsewa aimirira. Sichituluka chokha ichi." Anatsitsa mawu. "Unafunsa za mkazi wina. Lupanga linalo ndi liti?"

Lestina anayang'ananso galu wa pa khadi ija. Akanakonda nkhaniyo ikanakhala ya mkazi wina. Mkazi wina ukhoza kumutukwana pachitsime, ankhoswe n'kudzakonza.

"Tenga khadi ina," anatero Lestina. "Indiuze ngati anali komweko."

"Komweko kuti?" anafunsa Sellah. Anaika dzanja pa mpukutuwo. "Ena amatenga yachitatu yomveketsa. Lero ayi. Munthu wa malupanga awiri amapempha khadi pa khadi kuti asapite kukaona yekha. Sindidziwa chimene amuna ako achita, ndipo mapepalawa sangaime pa bwalo la milandu. Usagamule kanthu ndi mantha. Pita ukafunse dzuwa likuswa mtengo, maso ali pa iwo. Amakumenya?"

"Sanayambe."

"Ndiye pita lero."

Njira yonse ya kumalaini tiyi anali mbuu ndi chiperoni. Lestina ankangoona nkhope ya a Peterson, bambo amene ankapatsa Queen, mwana wa Lestina, nzimbe akamadutsa pageti. Kodi manja amene ankamugwira iye ndi omwewo anakweza chikwanje? Atafika anatumiza mwanayo kwa aneba, n'kukankha chitseko.

Crispin anali pamphasa masanasana, atafunda bulangete, mano akugundana. Fungo lija linali litadzaza nyumba. Lestina anatsekula zenera kuti kuwala kulowe, n'kugwada kumapazi kwake.

"Bambo a Queen, ndionetseni mwendo."

"Ndi malungo chabe."

"Ndionetseni."

Anagwira thalauzalo. Crispin anamukankha dzanja, koma mphamvu analibe. Lestina anapinda mwendo wa thalauza pang'onopang'ono, poti unali utamatirira. Pakatumba panali chisanza cha malaya akale, chonyowa. Atachimasula anatseka pakamwa. Mabowo a mano anali atatupa, akutuluka mafinya, khungu lozungulira litada ngati biringanya, ndipo mzere wofiira unkakwera kulowera kubondo.

"Munatema ndinu?" Mawu ake anatuluka ngati a munthu wina.

"Ayi."

"Musandinamize! Galu anakupezani kuti?"

"Ndinali komweko, koma sindinateme."

"Nanga ndani?"

Crispin anatembenukira kukhoma. Mapewa ake anayamba kugwedezeka, ndipo Lestina anazindikira kuti akulira.

"Ndi alamu," anatero. "Ndi Dan."

Crispin anafotokoza modukizadukiza. Anamva kumowa kuti Dan walowa gulu la anyamata ogulitsa makademiya kwa mavenda, ndipo tsiku limenelo anawatsatira kuti akamubweze. Anawapeza atadzaza kale matumba. A Peterson anawaunika ndi tochi n'kumutchula Dan dzina. Dan anakweza chikwanje. Crispin anakuwa, namugwira mkono kuti asabwereze, ndipo galu anafikira pa iye.

"Ndikapita kuchipatala andifunsa. Ndikakana kunena, mlandu ndi wanga. Ndikanena, ndapereka mlongo wako. Amayi ako ndidzawayang'ana bwanji? Iweyo?"

Lestina anakhala pansi. Iye ndiye anabereka Dan kumsana ali wakhanda, mayi awo ali kothyola tiyi. Anayang'ananso mzere wofiira uja. Ankadziwa kuti bala la galu silidikira, ndipo ankadziwa mapeto a munthu amene mafinya amulowa m'magazi. Anagwira khoma, naimirira.

"Ukupita kuti?"

"Kukaitana njinga yamoto."

"Lestina, andimanga."

"Akumangeni muli moyo."

Njinga itafika anamukweza pakati, Lestina kumbuyo atamukumbatira kuti asagwe. Anthu a m'malaini anatuluka m'makomo kudzaonerera, maso onse pa mwendo umene Lestina sanauphimbenso. Thupi la Crispin linkatentha ngati mbaula. Pa bampu iliyonse ankabuula, ndipo penapake mutu wake unagwera paphewa la woyendetsa. Lestina ankamuitana dzina m'khutu mpaka anafika paboma.

Namwino atangoona balalo anaitana adokotala. Analitsuka, kudula mnofu wowola, kumuika diripi ndi kumubaya jakisoni wa chiwewe. Adokotala anati akanachedwa pang'ono, bwenzi akukamba zodula mwendo. Wapolisi anabwera madzulo ake kudzafunsa amene anatema a Peterson. Crispin anayang'ana mkazi wake, milomo ili gwa.

Lestina ndiye anatchula dzinalo. Analitchula kamodzi, motsitsa, ndipo wapolisiyo anachita kumuuza abwereze.

Crispin anagona m'wodi dzanja lili pa unyolo. Atachira anakakhala m'chitokosi mpaka a Peterson anayamba kuyankhula. Lilime lawo linali lolemera, koma ananena kuti anamva mawu a Crispin akukuwa kuti, "Dan, leka!" Anamutulutsa, ngakhale ntchito ya ku fakitale inali itatha kale. Anachoka m'malaini n'kukapeza nyumba ya lendi ku Goliati, komwe Crispin amawaza nkhuni zogulitsa, akutsimphina.

Dan sanabwerere kuchokera ku Milange. Ena amati ali ku Mocuba. Mayi ake a Lestina akakumana naye kumaliro amayang'ana kumbali, ndipo Queen akapita kukawaona amabwerako ndi chinangwa koma popanda moni wopita kwa amake. Lestina amadzukabe m'mamawa kupita kothyola tiyi. Njinga yamoto ikaima pakhomo mosayembekezeka, amasiya chimene wagwira n'kumvetsera, osadziwa ngati ndi uthenga woti mlongo wake wagwidwa, kapena ndi mwiniwakeyo wabwera kudzafunsa amene anamutchula.