Enzayimu Imene Ankati Yafa

Kalatayo anaipeza Lachitatu m'mawa pa tebulo la m'labu, itapsinjidwa ndi botolo la madzi osungunulira mankhwala. Inali ya mizere inayi. Inati enzayimu ya ophunzira a chaka chachiwiri yafa chifukwa iye sanaisunge bwino m'firiji, ndipo Lachisanu akaonekere kwa a Pulofesa, mkulu wa dipatimenti. Kontirakiti yake inali kutha mwezi womwewo. Amene anasayina anali a Dokotala, mphunzitsi wa kalasiyo.

Pa yunivesitipo onse ankamutchula Namabotolo. Analowa ntchito yotsuka mabotolo zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, ndipo dzinalo linamukakamira ngakhale atakwezedwa kukhala tekinishani. Digiri analibe. Zimene ankadziwa anazitola pa sinki, chitseko cha kalasi chili chotsegula, ndi m'mabuku amene ophunzira ankaiwala pa benchi.

Anawerenga kalatayo kawiri, n'kutsegula firiji. Kabotolo ka enzayimu kanali pamalo pake. Pepala lolembapo kuzizira kwa firiji linali lodzaza tsiku ndi tsiku, ndi dzanja lake.

Enzayimuyo, imene imafulumizitsa ntchito ya m'selo, dzina lake ndi fosifofuruktokinezi, koma m'labu ankangoti PFK. Selo likamaphwanya shuga kuti lipeze mphamvu, limadutsa masitepe khumi otchedwa glayikolisisi, ndipo PFK imakhala pa sitepe yachitatu. Imatenga kachidutswa kotchedwa fosifeti ku ATP, mankhwala osunga mphamvu m'selo, n'kukaika pa shuga wotchedwa F6P. Shuga akadutsa pamenepo sabwereranso. M'labu ntchitoyi amaiona pa makina: PFK ikamagwira, mzere wa pa sikirini umatsika. Lolemba, pamaso pa ophunzira makumi anayi, mzerewo unangogona.

Namabotolo anatenga pepala la kasakanizidwe limene a Dokotala analemba chaka chino, naliika pambali pa la chaka chatha. Anayendetsa chala mzere ndi mzere. Pa mzere wachitatu chala chinaima. Anapita ku sitolo ya mankhwala.

"Mlamu, nkhope imeneyo ndi ya maliro kapena ya ndewu?" anafunsa a Sitolo, bambo wa imvi amene ankasunga makiyi.

"Ndipatseni AMP, alamu."

"Ya chiyani? Akuti mwapha enzayimu, ndiye mukufuna mankhwala oumitsira mtembo?"

"F6P anatenga wochuluka bwanji a Dokotala?"

"Anatenga wotsalira yense, ndipo anali wongokanda pansi pa botolo. Watsopano amene tinaitanitsa sanabwere. Ndiye anati ndiwapatse ATP wambiri, akuti asapereweze zonse ziwiri." A Sitolo anamupatsa kabotolo. "Musayine apa. Ndipo pakamwa panupo muzipasamala Lachisanu. Ine ndimakudziwani."

Lachisanu a Pulofesa anali ndi kalata ija patsogolo pawo, a Dokotala atakhala pambali, mwendo pamwamba pa unzake.

"Mayi, nkhaniyi mwaimva," anatero a Pulofesa. "Muli ndi mawu?"

"Mawu ndilibe, a Pulofesa. Ndikupempha mphindi khumi ku labu."

"Kuti tikaone chiyani?" anafunsa a Dokotala. "Mzere tinauona tonse. Chinthu chakufa ndi chakufa."

"Ngati ndi chakufa, mphindi khumi sizichidzutsa. Ndiye simuluza kanthu."

A Pulofesa anayang'ana wotchi, n'kuimirira.

Ku labu Namabotolo anatulutsa kabotolo komwe kaja, n'kupempha a Dokotala kuti aone chizindikiro chawo pa chivindikiro. Anatenga msakanizo wawo womwe wa Lolemba, nathira m'kachubu, nawonjezera enzayimu, natseka makina. Mzere unagona.

"Mwaona," anatero a Dokotala.

Namabotolo anatsegula makina, nadonthezamo AMP pang'ono, nasakaniza, natseka. Kwa kamphindi palibe chinachitika. Kenako mzere unapinda n'kuyamba kutsika.

A Pulofesa anavala magalasi.

"Mwina AMP wanuyo ndi wakuda," anatero a Dokotala. "Akhoza kukhala ndi zina m'kati."

"Ndinaganiza kuti mutero."

Kachubu kachiwiri anali atakakonza kale. Munalibe AMP. Zonse zinali monga pa pepala la a Dokotala, kupatula ATP, amene anamubweza pa mlingo wa chaka chatha, gawo limodzi mwa magawo khumi a mlingo wa a Dokotala. Atathiramo enzayimu, mzere unatsika wokha. Chubu chachitatu, chokhala ndi AMP koma chopanda enzayimu, mzere wake sunasunthe.

"Fotokozani," anatero a Pulofesa.

"Ndi za a Dokotala zomwe, amaphunzitsa sabata yachinayi. PFK ili ndi malo awiri a ATP. Amodzi ndi pogwirira ntchito. Enawo ali pambali, ndipo ATP akachuluka amakhalanso pamenepo, enzayimu n'kusintha kaimidwe, n'kuleka kumugwira bwino F6P. M'selo ndi nzeru: mphamvu zilipo kale, shuga aphwanyidwirenji? Koma munthu akathamanga, ATP amagwiritsidwa ntchito n'kusanduka AMP, AMP amakwera, amachotsa choletsa chija, shuga n'kuyambanso kuyenda mofulumira. F6P akanakhala wambiri akanalimbana nacho choletsacho. Koma pa pepala ili F6P wachepetsedwa, ATP wachulukitsidwa kakhumi. Enzayimu inangomva kuti selo lakhuta. Inachita ntchito yake."

"Zimenezo ndi za m'selo," anatero a Dokotala. "Ndinkafuna kuti ATP asathe ophunzira ali pakati."

"Enzayimu sidziwa kuti ili m'chubu, a Dokotala. Siwerenganso makalata."

"Mayi," anatero a Pulofesa.

Namabotolo anatseka pakamwa. Makina ankangolira, mzere wa chubu chachitatu uli chigonere.

A Pulofesa anatenga mapepala awiri aja, nawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anaseka pang'ono.

"Koma a Dokotala, apa mwatola chinthu. Chaka chilichonse timajambula zimenezi pa bolodi, ana osamva. Achite zomwezi: mzere ugone, athire AMP, udzuke. Ena ayese ndi mankhwala a sitireti, aone kuti nayenso amaletsa. Mulembe bwino, tiike m'buku la dipatimenti."

"Ndilemba, a Pulofesa," anatero a Dokotala.

"Nanga kalata yanga?" anafunsa Namabotolo.

"Imeneyo yatha. Musadandaule nayo."

"Ili m'fayilo yanga. Oona za makontirakiti amawerenga fayilo, samva za pakamwa."

A Pulofesa anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. Anatulutsa kalatayo m'thumba la jekete, nalemba chopingasa kuti yathetsedwa, enzayimu inasungidwa bwino, nasayina. Anapereka cholembera kwa a Dokotala. A Dokotala anasayina ali chiimire, maso ali pa zenera, natuluka. Pepani sananene.

Masana Namabotolo anabweza kabotolo ka AMP ku sitolo.

"Mtembo uja wadzuka?" anafunsa a Sitolo.

"Wadzuka."

"Pakamwa panu?"

"Panatseguka kamodzi."

"Kamodzi n'pang'ono kwa inu, mlamu. Mwakula."

Kontirakiti inabwera sabata yotsatira, ya chaka chimodzi monga mwa masiku onse. Buku latsopano la dipatimenti linatuluka teremu yachiwiri. Phunziro lachisanu ndi chimodzi linali la kuletsedwa kwa PFK ndi ATP, lokonzedwa ndi a Dokotala. Namabotolo anawerenga tsambalo ali pa sinki, napeza kuti mlingo wa AMP walembedwa molakwika. Anaukonza ndi pensulo m'mabuku onse makumi anayi, nalemba tsiku ndi zilembo zoyamba za dzina lake m'mphepete, monga amachitira pa pepala la firiji.