Mtengo wa puloti ya ku msitu

Chaka cha 1957 bwana Mandevu anadula mbali ya famu yake, pafupi ndi Norton, kuti agulitse. Ine Laxon ndinali kapitawo wake. Mkazi wanga Selestina anali atagona zaka ziwiri m'kamsitu ka kumapeto kwa malowo, komwe ife a ku Nyasaland tinkaika anthu athu.

Oyeza malo anali atakhoma kale zikhomo. Chinatsala n'kuika mtengo wogulitsira. Bwana anandiitana kushedi. Anati mawa kubwera mzungu wa kampani yogulitsa malo, ndimuperekeze, ndipo akafunsa za msitu ndinene kuti ndi tchire. Manda amathawitsa ogula. Anawonjezera kuti njinga yake yakale itha kukhala yanga. Sindinavomere. Sindinakanenso.

Mzunguyo anali bwana Pringle, munthu wa phazi lopepuka. Tinayenda chikhomo ndi chikhomo, iye akulankhula yekha, ine nditanyamula mapu. Maekala makumi awiri. Mapuloti awiri oyandikana nayo anagulidwa chaka chathacho pa mapaundi 25 ekala imodzi, choncho anayambira pa 500. Koma aja anali mkati, pomwe yathuyi inali m'mbali mwa msewu wa tala wopita ku Bulawayo. Anawonjezera 100. Anapopa yekha mjigo, nalawa madziwo, nawonjezera 80. Mawaya a magetsi anadutsa chapafupi, ndipo ku Norton ankamanga mafakitale. Azungu ake adzafuna pokhala. Apo anaika 120. Pa dambo losalimika anachotsa 30.

Kenako tinafika pamsitu. Kwathu manda salozedwa ndi chala, ndipo mitengo yake sidulidwa. N'chifukwa chake pafamu yonse panatsala mitengo ikuluikulu ya musasa pamenepo pokha. Bwana Pringle anafunsa kuti muli chiyani.

"Tchire, bwana," ndinatero.

Anakondwa. Anati alimi a fodya akulira nkhuni zowotchera fodya m'mabani. Analemba 20. Zonse 790.

Lachisanu chikwangwani cha malonda chinaima pamsewu. Loweruka njinga inafika pakhomo panga.

Lamlungu potuluka m'tchalitchi, mlamu wanga Emilia, mng'ono wake wa Selestina, anayang'ana njingayo nthawi yaitali. Komboni yonse inali itamva kale kuti msitu wawerengedwa nkhuni, ndipo inkadziwa amene anaperekeza mzungu.

"Alamu, njinga yabwino," anatero. "Achemwali akanakwera kumbuyoko. Kodi mwawagulitsa pa ekala kapena pa mtolo?"

Amayi ena anaseka. Ena sanaseke, chifukwa ali ndi ana m'msitumo. Ndinakankha njinga mpaka kunyumba, osakwera.

Masiku atatu ndinagwira ntchito osayang'ana munthu kumaso. Lachinayi ndinaona galimoto itaima pachikwangwani, ndi mzungu wina akuyeza mtengo wa musasa ndi mikono yake. Madzulo ake ndinabweza njinga kushedi. M'mawa ndinapita ku Norton wapansi.

Ndinadikira pakhonde la kuseri kwa ofesi ya kampani ija mpaka masana. Bwana Pringle atatuluka ndinavula chipewa.

"Si tchire. Ndi manda. Anthu makumi atatu ndi mmodzi. Wina ndi mkazi wanga."

Ndinkayembekezera kuti akalipa. Anangofunsa kukula kwake. Ndinati theka la ekala. Anafunsa ngati anthu amapitako. Ndinati timakasesa. Anatulutsa pensulo, natsamiza pepala pakhoma. Anafufuta 20 ya nkhuni. Anachotsa 15 ya theka la ekala, ndi 10 ya kanjira koti tizidutsa. Anati zilembedwa m'kalata ya malonda kuti wogula asakhudze mandawo. Zinatsala 745.

Sizinamutengere nthawi yosuta ndudu imodzi. Ananena kuti ndikanamuuza tsiku lija, bwenzi atachita zomwezo.

Mawu amenewo ndi omwe anandilemera pobwerera. Ndinkaganiza kuti ndikubisa chinthu chachikulu chogwetsa malonda onse. Chinali mapaundi 45.

Bwana Mandevu atamva, anandichotsa ukapitawo, n'kundiika kodula nkhuni za mabani kumalire a famu ina. Sindinadandaule. Puloti inagulidwa mwezi wotsatira ndi injiniya wa kufakitale, ndipo anazunguliza msitu ndi waya, n'kusiya kachipata.

Tsiku losesa manda, mvula isanayambe, komboni yonse inalowa pakachipatapo. Ine ndinaima panja ndi khasu. Emilia anandidutsa ndi tsache lake. Atafika pakati pa kanjira anatembenuka.

"Lowani, alamu. Udzu wa pamanda pa achemwali sudzizula wokha."

Ndinalowa. Ndinalimira mbali ya kumapazi. Kumutu ndinamusiyira Emilia.