Funso Losapezeka pa Foni

Fahadi anawaona komaliza a Namakhwa akumukhwatchira mafunso a zaulimi, m'kalasi ya akuluakulu ku Chitakale, komwe ankawathandiza kuphunzitsa chisiyireni koleji.

"Ati kukokoloka kwa nthaka n'chiyani? Iwe, limeneli foni iyankha usanakhale n'pansi. Afunse ophunzirawa za kumunda kwawo," anatero a Namakhwa.

Atawaika m'manda, ntchito yokonza mayeso inatsalira iye yekha. Ankati akalemba funso n'kuliyesa pa foni, yankho lija mbee, iye n'kufufuta. Atatopa nazo analemba kuti: "Jambulani munda wanu. Madzi a mvula amakumba pati, chifukwa chiyani, nanga inu mungatani?"

Foni inangobwebweta za minda ya eni. Fahadi anatembenuka kuti awaonetse a Namakhwa, koma pampando pawo panali mulu wa makope. Anakopera funsolo pabolodi, pamwamba n'kulembapo tsiku.

Lolemba, 3 Malichi 2025.